Tsabola wa Mayi a Brenda

Ku Chemusa zaka zimenezo, ukangotchula tsabola wa mayi a Brenda, ngakhale munthu amene wangosamba m'manja atakhuta ankameza malovu. Sanali tsabola wongosinja ndi mchere ngati wa pa chiwaya ayi. Anali wokhuthala, wofiira moderako, wa timadontho takuda, ndipo ankanunkhira utsi. Ukamupaka pa nkhuku, unkaiwala kuti nkhukuyo inafa ndi ukalamba. Pa ukwati anthu ankayamba afunsa ngati botolo la mayi a Brenda lafika, za mkwatibwi pambuyo.

Mayi a Brendawo ndi mlamu wanga Petronela, mkazi wa achimwene anga a Januario. Ine ndine Jesinta. Tinkakhala pa puloti imodzi, nyumba zathu zogundana khoma, ndiye palibe chimene chinkandiphonya. Ndikuuzeni pano pomwe: mlamu wangayo, chikwatiwire chake, anali asanawotchepo tomato ngakhale mmodzi n'kupsa bwino. Wowotcha anali achimwene.

Luso limeneli linachokera kwa malemu bambo athu, amene anali khukhi wa Mpwitikizi wina ku Mocuba asanawoloke malire pa Muloza. Ankafuna kuphunzitsa ine, koma ine ndinali kalikiliki ndi fulaye, ndiye amene anakhala pansi n'kumayang'ana anali a Januario. Atangokwatira, anakonzera alendo tsabolayo. Alendo atalawa anatembenukira kwa mkwatibwi n'kuyamba kumutamanda. Petronela anangoweramitsa nkhope akumwetulira, achimwene nawo anangoti zii, chifukwa mwamuna wopezeka pa mbaula mkazi ali moyo ankanenedwa kuti anamudyetsa khuzumule. Bodzalo linayambira pomwepo, ndipo linayanga ngati dzungu la pa dzala.

Ntchito yake inkachitika Loweruka m'mamawa kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda. Petronela ankakhala pakhonde lakumaso ndi tsache m'manja ngati mlonda, kucheza ndi aliyense wodutsa kuti asalowe. Kuseriko achimwene ankakoleza makala, akayaka n'kuponyapo timitengo touma kuti malawi atuluke, chifukwa makala okha amangophika tomato, pomwe malawi ndi amene amapsereza khungu m'kati musanafewe. Pamwamba ankaikapo waya amene anachita kuwotcherera yekha ku shopu kwawo ku Chirimba. Pakati pa moto ankaika tsabola wamkulu uja wosawawa timati gilinipepa, amene amachedwa ndipo amafunika kuda mbali zonse. Matimati olimba, opukutidwa bwino, ankawazungulira. Adyo wosasenda ankamukwirira m'phulusa la m'mbali. Kambuzi ankabwera kumapeto, ataboola ndi singano kuti asaphulike, ndipo ankangotuza matuza n'kumuchotsa, chifukwa akapserera amawawa ngati kwinini ndipo utsi wake umatsokomoletsa mudzi wonse. Zonsezi ankatembenuza ndi zala, poti zala za munthu wowotcherera zitsulo sizimva moto.

Akamaliza ankamuitana mkazi wake ndi kakhosomole, ndipo Petronela ankapeza zonse zili kale mu kamtondo. Apa ndiye ndisamunamizire mlamu wanga: lilime anali nalo. Iye ndi amene ankathira mchere, mandimu ndi mafuta, akulawa pang'onopang'ono mpaka atagwedeza mutu. Achimwene sankalawa n'komwe, chifukwa anali ndi zilonda za m'mimba ndipo adokotala anawaletsa tsabola kalekale. N'chifukwa chake palibe amene ankawaganizira. Ndani angaganize kuti munthu wodya ndiwo zopanda tsabola ngati mwana ndiye mwini tsabola wa Chemusa yense?

Kenako kunabwera matipate. Titavota mu 1994, anthu anaikonda voti ngati mwana amene wagulidwira wezulo. Komiti ya pa mpopi wa madzi, chisankho. Komiti ya maliro, chisankho. Ngakhale a bawo a pansi pa mtengo anasankhana. Kumphakati kwathu, kagulu kathu ka akhristu a m'dera, Petronela anali atatsogolera zophikaphika kwa zaka zambiri popanda womusankha, basi chifukwa cha tsabolayo. Mpando umenewu ankaukonda kuposa china chilichonse. Kusukulu sanapite patali, geni inkamukanika, koma akamanga epuloni pa phwando n'kumaloza uku ndi uku, ankaoneka munthu.

Chaka chotsatira, mwana wa mumphakati mwathu anali pafupi kudzozedwa unsembe, ndipo tinkakonzekera phwando la Misa yake yoyamba. Apa ndi pamene anadzuka a Gertrude, mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande, mkazi wa a Ramsey oyendetsa minibasi ya Chirimba. A Gertrude ankadziwa kuphika, zimenezo sindingakane, koma tsabolayo anali atawasowetsa tulo. Anayesa kukazinga, anayesa kuwiritsa, osatheka. Akafunsa Petronela, yankho linali lakuti, "Mumangoona ndi maso, asisi." Ndiye iwo anaonadi ndi maso. Anaona kuti tsabola nthawi zonse amabwera ali kale m'botolo, ndiponso kuti zala za mayi a Brenda zinali zosalala ngati za mlembi wa mu ofesi.

Pa msonkhano wa amayi anaimirira n'kukonza mpango wawo.

"Azimayi anzanga, ino ndi demokalase," anatero a Gertrude. "Mpando wa kukhichini tivotere. Ndipo masiku ano kuli tiransiparensi, zinthu zizichitika poyera. Ine ndiphika mpunga ndi nkhuku anthu akuona. Mayi a Brenda nawo atikonzere tsabola wawo uja pamaso pathu, kuyambira pa moto mpaka mu mbale. Tikalawa, tivote. Kapena pali vuto?"

"Vuto la chiyani?" anayankha Petronela akuseka. Koma ine ndinali naye pafupi, ndipo ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu.

Anagwirizana za Loweruka lotsatira, pabwalo la katchalitchi kathu, tsiku lomwe azibambo nawo anali ndi msonkhano wokambirana za chisakasa cha phwando.

Sabata imeneyo kuseri kwa nyumba kunali sukulu, ndipo ine ndinali woyang'anira pakhonde. Matimati amene anafera sukulu imeneyo Mulungu yekha ndiye akudziwa. Mlamu wanga anali ndi matenda awiri. Akakhala ndi mantha, ankatembenuza tomato pafupipafupi ngati akukazinga mandasi, khungu osada, tomato n'kungofewa mpaka kugwera m'moto. Mantha akatha, ankayamba nkhani, n'kuiwala zoti pali china pa moto mpaka tomato ataphulika n'kuzimitsa makala.

"Mayi a Brenda, mverani ndi khutu," ankatero achimwene modekha. "Akayamba kulira kuti tsiii, khungu latuza ndipo lada pansi, m'pamene mukutembenuza. Osafulumira, osachedwa."

"Bambo a Brenda, onse akulira nthawi imodzi! Ndimvere uti?"

Pofika Lachisanu anali asanadutse pa moto n'komwe. Zosenda ndi zosinja sanafikeko, poti panalibe chosenda. Madzulo ake achimwene anabwera ndi pulani. Iwo adzakhala pa benchi ya azibambo moyang'anizana ndi mbaula, chipewa chili pa bondo. Akatembenuza chipewa, Petronela atembenuze. Akachikweza m'mwamba, achotse pa moto. Ine ndinaseka mpaka misozi, koma pulani ina panalibe.

Loweruka linafika ndi dzuwa la mu Okutobala. Amayi anadzadza pabwalo, ena amene sindinawaonepo ku Misa chiyambire chaka. A Gertrude anali atayamba kale, mpunga wawo ukununkhira. Azibambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, achimwene ali kumapeto kwa benchi atavala shati yawo yoyera ya ku tchalitchi, chipewa pa bondo. Pafupi nawo panali a Ramsey, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngati chitseko cha minibasi yawo.

Poyamba zinayenda bwino moti mpaka ine ndinadabwa. Petronela anakoleza moto, anaponyapo timitengo, anayala gilinipepa pakati ndi matimati m'mbali. Anagwira mafoloko awiri n'kuima ngati munthu wodziwa zimene akuchita, diso limodzi lili ku mango. Chipewa chinazungulira, iye n'kutembenuza, ndipo pansi pa tomato panali patada bwinobwino. Amayi anang'ung'udza mokhutira. A Gertrude anapinda milomo.

"Madala, chipewacho chili ndi nsabwe kapena?" anafunsa a Ramsey. "Mukungochizunguza ngati siteringi."

"Kukutentha, aise," anayankha achimwene osawayang'ana.

Kupambana kuja kunamulowa m'mutu mlamu wanga. Anatenga kambuzi wodzadza dzanja n'kumuyala pa waya nthawi yake isanakwane, kwinaku akufotokozera amayi kuti luso lotere munthu amabadwa nalo. Ndinaona achimwene akutseka maso ngati aponda minga. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira, ndipo analowa akatekisiti athu a Venansio, atachedwa monga mwa masiku onse.

"Mwayamba bwanji osapemphera?" anafunsa akutsika panjinga. "Demokalase yakuchotsani nzeru? Aliyense abwere kukhonde kuno. Inunso mayi a Brenda, siyani zimenezo. Miphika sithawa."

Khonde la katchalitchi linali mbali ina, mbaula kuseri kwa kona. Petronela anayang'ana moto, anayang'ana chipewa, koma chipewa sichikanatsutsana ndi akatekisiti. Amayi anagwada pa mikeka kutsogolo, azibambo kumbuyo. A Gertrude anagwada pafupi ndi Petronela, ndipo bondo lawo linatera ndendende pa nsonga ya chitenje chake. Kaya zinali mwangozi, weruzani nokha.

"Titseke maso," anatero a Venansio.

Amene sanamvepo a Venansio akupemphera sangamvetse tsoka limene linagwera matimati aja. Bamboyo sankasiya kanthu. Ankayamba ndi Papa, kutsikira kwa maepisikopi, ansembe ndi masisitere, kenako boma, otsutsa boma, kwacha imene inkagwa tsiku lililonse, ochotsedwa ntchito m'makampani, mvula, ana osamvera, madalaivala a minibasi, mpaka kukafika kwa mizimu ya ku puligatoliyo. Tonse tinkadziwa kuti akafika ku puligatoliyo ndiye kuti mawondo apulumuka.

Ine chindibereni nsapato pa maliro ena ku Bangwe, ndimapemphera ndi diso limodzi. Ndinali nditagwada kumapeto kwa mkeka, pamene ndinkatha kuona khonde ndi mbaula yomwe. A Venansio ali pa maepisikopi, fungo linasintha. Ena sakanalimva, koma ine ndine mwana wa khukhi. Kambuzi anali atayamba kupserera. Ndinayang'ana achimwene. Maso anali otseka, koma mphuno inkagwedera ngati ya galu wa alenje, ndipo chipewa chinkazungulira chokha m'manja mwawo popanda wochiona. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Venansio atangolowa m'boma, achimwene anadzuka pang'onopang'ono, anasiya chipewa pansi, n'kuyenda monyang'ama mpaka kuseri kwa kona.

Zimene ndinaona kumeneko zinandikumbutsa bambo athu, mpaka mtima unandiwawa pang'ono. Anayamba ndi kambuzi, kumutola msangamsanga, amene anada kwambiri n'kumuponya kutali, wotsalayo mu poto. Kenako matimati, mmodzimmodzi, kuwagwira ndi nsonga za zala n'kuwagoneka mbali yofiira pa malawi. Wina amene anali atang'ambika n'kuyamba kudontha anamusunthira m'mphepete kuti madzi ake asazimitse moto. Gilinipepa anamuimika chamutu kuti malawi alowe m'makwinya a ku phesi. Kenako anangoima, manja kumbuyo, khutu limodzi ku moto, lina ku pemphero. Pamene a Venansio ankadandaulira Mulungu za kwacha, anatembenuzanso. Pa ana osamvera, matimati anali atada mbali zonse ndipo analowa mu poto. Pa madalaivala a minibasi, gilinipepa anatsatira, wakuda bii ngati khala, pamodzi ndi adyo wa m'phulusa. Anavundikira poto kuti nthunzi isungunule makungu, ndipo mawu oti puligatoliyo atangomveka, anali atagwada kale pamalo pawo, maso otseka ngati mngelo.

"M'dzina la Atate," anamaliza a Venansio, ndipo tonse tinachita chizindikiro cha mtanda.

Petronela anathamangira ku mbaula ngati wapsa nyumba, amayi onse pambuyo pake. Anapeza waya uli mbee, poto wovundikira ali pambali. Anatsegula pang'ono, nthunzi yonunkhira n'kutuluka.

"Ndani wachotsa izi pa moto?" anafunsa a Gertrude.

"Ine," anayankha Petronela mosaphethira. "Ndinadzuka mwakachetechete."

"Mwakachetechete? Asisi, chitenje chanu ndinachigwadira ine kuyambira kwa Papa mpaka ku puligatoliyo. Munapita osavala?"

Gogo wina wa m'kwaya ananong'ona kuti mwina n'chozizwitsa, poti phwandolo linali la wansembe. Koma a Gertrude sankakhulupirira zozizwitsa za pa mbaula. Anatembenuka n'kuyamba kuunguza pabwalo ponse, ndipo maso awo anaima pa benchi ya azibambo. Tonse tinatsatira. Achimwene anali atakhala mwaulemu, chipewa pa bondo, koma pamphumi pawo panali dontho lakuda ngati Lachitatu la Phulusa. Pa chifuwa cha shati yoyera ija panali lina, ndipo pa phewa lililonse panali lake. Mtanda wonse unali utalembedwa ndi mwaye wa tomato.

"Bambo a Brenda," anatero a Gertrude mokoma ngati uchi, "zala zanuzo zatani?"

Achimwene anayang'ana zala zawo, anayang'ana shati. "Tcheni," anatero. "Tcheni ya njinga ya akatekisiti inali itagwa. Ndinangoibwezeretsa."

A Venansio, amene tcheni yawo inkagwadi kawiri pa ulendo uliwonse, anathokoza kwambiri n'kunena kuti anthu otere ndi osowa masiku ano. Analamula kuti nkhani zopanda pake zithe, ntchito ipitirire. Petronela anapuma mpweya wautali. Anali atapulumuka, ndipo chotsala chinali kusenda ndi kusinja basi.

Vuto linali loti kusenda anali asanakuonepo. Zaka zonsezo nthawi yosenda iye ankakhala ali pakhonde ndi tsache. Anatsegula poto, anagwira tomato mmodzi, anapsa chala, makungu akuda n'kumumatirira m'manja. Anayang'ana ku mango, koma za kusenda chipewa chinalibe chizindikiro. A Gertrude, amene anaona kuti mnzawo wasokonezeka, anabwera ndi beseni lodzadza madzi n'kuliika pamapazi pake.

"Zakuda zonsezi mudyetse ansembe?" anatero. "Tsukani, asisi, ziyere."

Petronela anaona ngati ndi nzeru. Ananyamula poto ndi nsalu, anawerama, n'kuyamba kupendeketsa.

"Osatsuka!"

Mawuwo anamveka mpaka ku msewu. Achimwene anga, munthu amene sindinamumvepo akukalipira ngakhale nkhuku, anali ataimirira pa benchi, dzanja lili m'mwamba, chipewa chitagwa pansi.

"Mukatsuka ndiye kuti mwataya zonse! Utsi wonse uli pa khungupo, ndi madzi ali pansi pa potowo. Mumasenda ndi zala, timakungu tina n'kutsalira. Mukufuna mupatse anthu phala la tomato?"

Atamaliza m'pamene anazindikira pamene anali. Kenako a Ramsey anaphulika ndi phwete, akumenya bondo.

"Ayi ndithu! Madala, ndiye kuti khukhi ndinu? Zaka zonsezi tikunyambita zala, kani ndi mwamuna mnzathu ali pa mbaula! Mayi a Brenda, khuzumule wake munamugula kuti? Ameneyu ndi wa fulu dozi!"

Azibambo anaseka, ena mobisa, ena poyera. Achimwene anatsika pa benchi, anatola chipewa n'kuima atazolika, mtanda wakuda uli pa shati. Ndinawamvera chisoni, ndipo a Ramsey ndikanakhala nawo pafupi ndikanawathira beseni lija.

Petronela akanatha kudzipulumutsa. Akanangonena kuti amuna anga amalowerera zilizonse, amangondionera ndikamakonza, anthu akanaseka n'kuiwala. Ndinaona kuti bodzalo lafika kale pa milomo. Koma anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kenako anaika poto pansi osataya ngakhale dontho.

"A Ramsey," anatero, "ndikanakhala ndi khuzumule ndikanatsegula naye okala, ndipo woyamba pa mzere akanakhala akazi anu."

Apa amene anaseka anali amayi, ndipo a Gertrude anayang'ana kumbali.

"Tiransiparensi mumaifuna ija ndi iyi," anapitiriza. "Tsabola amawotcha ndi bambo a Brenda, kuyambira Brenda asanabadwe. Palibe anawadyetsa kanthu. Anaphunzira kwa bambo awo, ndipo amachita chifukwa amadziwa. Ine ndimangolawa."

Anapita pamene anaima mwamuna wake, anatenga nsonga ya chitenje n'kumupukuta pamphumi anthu onse akuona. Achimwene anapinda manja a shati, n'kunena kuti, "Kungolawa? Chaka chija munapita ku maliro ku Mulanje ndinakonza ndekha, ndipo aneba athu a kwa Nikolasi anabweza botolo ati lawonongeka. Bweretsani kamtondo, mayi, zisanazizire."

Anakhala pansi awiriwo pakati pa bwalo. Achimwene ankasenda, makungu akuchoka ngati sokosi poti nthunzi inali itagwira ntchito yake. Anachotsa njere za gilinipepa, anafinya adyo m'makoko ake, anasinja zonse pamodzi ndi kambuzi, n'kutsanuliramo madzi a pansi pa poto. Petronela anathira mchere, analawa, anafinyira ndimu, analawanso, anawonjezera mafuta pang'ono, mpaka anagwedeza mutu. Tsabola wa tsiku limenelo anatha mpunga wa a Gertrude usanafike theka, ndipo a Ramsey, ndi pakamwa pawo pomwe paja, anapukuta mbale ndi chala.

Koma voti ndi voti. Ine ndinkaganiza kuti amayi amukhululukira, koma ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Zaka zonsezo, m'nyumba zambiri za mu Chemusa, amuna ankakankha mbale n'kunena kuti, "Bwanji osaphika ngati mayi a Brenda?" Amayi ena analirapo chifukwa cha mawu amenewo. Tsopano atadziwa kuti ankawayerekeza ndi munthu wosatha kutembenuza tomato, anakwiya, ndipo sindingawadzudzule. Timapepala titawerengedwa, mpando unapita kwa a Gertrude. Ine amene ndinamuvotera musandifunse, voti ndi yachinsinsi.

Petronela anavula epuloni yake, anaipinda bwinobwino n'kuipereka. Sanalire pabwalo. Analirira kunyumba, ndipo ndinamumva kudzera pa khoma. Kwa masiku angapo sanapite ngakhale ku mpopi.

Koma walira mvula walira matope. Patangotsala sabata kuti phwando lichitike, mayi ake a wansembe watsopano anapita kwa wapampando watsopano n'kumuuza kuti mwana wawo wapempha chinthu chimodzi chokha: tsabola uja ankamudya ali mnyamata wotumikira pa Misa. Tinkayembekezera alendo ochokera ku Zomba ndi ku Mulanje, ndipo onse anali atamva mbiri yake. A Gertrude anayesa okha kunyumba, zinakanika, ndipo madzulo ena ndinawaona akulowa pa geti pathu ndi dengu la matimati pamutu, akuyenda ngati munthu wopita kukapepesa maliro.

Petronela anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawafunsa za ana ndi za geni. A Gertrude anazungulirazungulira mpaka anafika pa nkhani.

"Asisi, zija zinapita. Phwandoli ndi la tonse. Mwina bambo a Brenda angatithandize?"

"Bambo a Brenda anasiya kuwotchera anthu," anayankha Petronela. "Ananyozedwa pagulu. Panopa amangophunzitsa."

"Chabwino, ndiphunzira."

"Ayi asisi, amayi sawaphunzitsa. Mwaona nokha mmene zinandikanikira ine. Ntchito imeneyi ndi ya azibambo. Mutitumizire a Ramsey."

Ndinali kuseri kwa khoma ndikusenda nyemba, ndipo ndinachita kudziluma lilime kuti asandimve.

Zimene zinakambidwa kunyumba kwa a Gertrude usiku umenewo sindikuzidziwa, koma anthu oyandikana nawo anati zinali zokweza mawu. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti Loweruka m'mawa mbaula ya achimwene inali itatuluka kuseri kwa bafa, kwa nthawi yoyamba chikwatirire chawo, ndipo inali kumaso kwa nyumba, m'mphepete mwa njira yopita ku siteji. Patsogolo pake panali patanjuta a Ramsey, minibasi atasiyira kondakitala ndi dalaivala waganyu, maso ali psuu ndi utsi wa kambuzi. Anthu opita ku tauni ankaima n'kumaonerera, ndipo ena mwa iwo anali makasitomala awo.

"Osafulumira, aise," ankatero achimwene, manja kumbuyo. "Mverani kaye alire. Si giya ameneyo."

Tomato woyamba anaphulika n'kuwathira a Ramsey pa buluku. Wachiwiri anagwera m'moto. Dzuwa litakwera ndithu, anakwanitsa kudzadza kamtondo, ndipo anakanyamula ndi manja awiri kupita nako pakhonde, pamene Petronela anali atakhala pa mpando wa ndalema, mwendo pa unzake, sipuni m'manja. A Gertrude anaima pambali pake atavala epuloni ya wapampando.

Mlamu wanga anatunga pang'ono, analawa, anatseka maso. Anatenga nthawi ngati a Venansio ali pa kwacha. Kenako anapukuta sipuni ndi chitenje.

"Kambuzi wapserera, a Ramsey," anatero. "Matimati alipo ambiri mu dengumo. Kayambireninso."